Kalembedwe ka lipoti lakuti palibe ngongole yotsala musanagawane ndalama za banki m'khonde

Novembala akamapita kumapeto, alembi a magulu a banki m'khonde amayamba kundifunsa funso limodzimodzi: "Amayi, anthu onse amaliza ngongole zawo. Ndiye pa gulupu ndilembepo chiyani? Kungoti zonse zili bwino sikukwanira?" Sikukwanira ayi. Ndakhala mlembi zaka zambiri ndipo ndayankha funsoli pa foni, panjira ngakhale pamaliro, choncho ndaganiza zolemba kamodzi kuti aliyense wofuna aziwerenga yekha.

Lipoti lakuti chinachake chatsala ndi losavuta, chifukwa mumangotchula dzina ndi ndalama. Lovuta ndi lakuti palibe chatsala. Munthu akawerenga mawu akuti "palibe", sangadziwe ngati mudafufuza n'kupeza kuti palibedi, kapena simudayang'ane n'komwe, kapena mukubisira wina. Zitatu zonsezi zimalembedwa ndi mawu amodzi omwewo. Ntchito yanu ndi kulemba mwakuti wowerenga aone yekha kuti mudafufuza, mudafufuza pati, liti, ndipo mudali ndi ndani.

Kwa amene mwangolowa kumene, gulu loyenda mwadongosolo limakhala ndi wapampando, mlembi, msungichuma amene amasunga bokosi, ndi anthu awiri owerenga ndalama. Bokosilo limakhala ndi maloko atatu, ndipo makiyi ake amasunga anthu ena atatu. Membala aliyense ali ndi kabuku kake komwe amadindamo masheya amene wagula ndi kulembamo ngongole zake. Palinso thumba la zadzidzidzi, lomwe ndi ndalama yapadera yothandizira pa matenda ndi maliro. Chaka cha gulu chikatha, ndalama zonse zimagawidwa molingana ndi masheya a munthu aliyense. Kugawanako sikuyenera kuchitika ngongole ina ili kunja, ndipo ndi chifukwa chake lipoti ili limafunika.

Tiyerekeze gulu la anthu 20 limene sheya imodzi ndi K2,000. Ndiligwiritsa ntchito mpaka kumapeto kuti manambala asatisokoneze.

1. Yambani mwalemba mndandanda wa zinthu zonse zimene zingathe kutsala

Alembi ambiri akamva mawu akuti "zotsala" amangoganiza za ngongole. Koma pa gulu zinthu zimatsala mbali ziwiri. Pali zimene mamembala ayenera kupereka ku gulu: ngongole yeniyeni, chiwongoladzanja chake, chindapusa cha kuchedwa kapena kujomba, ndi zopereka za thumba la zadzidzidzi. Palinso zimene gulu liyenera kupereka kwa mamembala: chithandizo chimene mudavomereza koma simudapereke, chenji cha munthu amene adapereka ndalama yopitirira, ndi chikole chimene gulu lidagwira, kaya ndi njinga, wailesi kapena malata.

Mbali yachiwiriyi ndi imene imaiwalika. Mutha kulemba kuti palibe ngongole yotsala, n'kukhala mukunena zoona, pomwe njinga ya munthu ikadali kunyumba kwa msungichuma. Mwini njingayo akawerenga lipoti lanu adzaona ngati mwamuiwala dala. Choncho tengani pepala, mulembe chilichonse pa mzere wakewake. Mizere imeneyi ndiyo idzakhale msana wa lipoti lanu.

2. Sankhani tsiku ndi nthawi imene lipoti likuimira

Mawu akuti "palibe chatsala" amakhala oona pa nthawi imodzi yokha. Mawa wina akhoza kubwera ndi pempho la maliro, kapena kukongola ngati gulu silidatseke ngongole. Lembani kuti "pofika Loweruka pa 6 Disembala, 4 koloko madzulo, titatseka bokosi". Musalembe kuti "lero" kapena "panopa", chifukwa uthenga wa pa foni anthu ena amauwerenga patapita masiku awiri, ena amautumiza kwa anzawo, ndipo "lero" wanu sakhalanso lero kwa iwo.

3. Yerekezani mabuku awiri, kenako muwerenge ndalama

Musadalire buku lanu lokha. Sonkhanitsani timabuku tonse 20, mukhale pansi ndi owerenga ndalama awiri aja, wina awerenge za m'kabuku ka membala, inu muziyang'ana m'buku lalikulu. Ngongole iliyonse ionekere malo onse awiri: tsiku lotenga, ndalama, chiwongoladzanja, ndi tsiku lomaliza kubweza. Kabuku kamodzi kakasowa, simungalembe kuti mwaona onse. Mulembe kuti mwaona timabuku 19, ndipo kamodzi kakudikirika.

Pa ngongole imene yatha, m'danga la ndalama yotsala mulembemo 0. Musasiye danga lopanda kanthu, musaikemo kamzere. Danga lopanda kanthu silinena chilichonse, likhoza kutanthauza kuti munthu adamaliza kapena kuti mlembi adaiwala kulemba. Ine ndimalemba 0, pambali pake mawu akuti "yatha", tsiku, ndi siginecha ya mwini ngongole kapena chala chake. Ndimatero chifukwa 0 wokhala yekha munthu atha kumuwonjezera manambala kutsogolo, koma mawu ndi chala sizisinthika mosavuta.

Mukatero werengani kuti m'bokosi muyenera kukhala zingati. Pa gulu lathu loyerekeza, chaka chonse anthu adagula masheya 1,500, zomwe ndi K3,000,000. Chiwongoladzanja chidalowa K880,000, zindapusa K36,000, ndipo gulu lidagula buku, inki ya chidindo ndi loko watsopano pa K16,000. Mukaphatikiza zitatu zoyambazo n'kuchotsa zogulazo, ndalama yoyenera kupezeka ndi K3,900,000. Tsopano tsegulani bokosi pamaso pa anthu, owerenga ndalama awerenge aliyense payekha. Ngati gulu limalandiranso ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, onani ndalama imene ili mu akaunti nthawi yomweyo, anthu awiri akuona foniyo. Tinene kuti m'bokosi mwapezeka K3,650,000 ndipo pa foni pali K250,000. Zonse pamodzi ndi K3,900,000, ndiye buku ndi ndalama zagwirizana.

Kugwirizana kumeneku ndiwo umboni waukulu umene muli nawo. Ngati buku likunena kuti aliyense adabweza koma ndalama zaperewera, ndiye kuti pali chotsala ngakhale simukudziwa kuti chili ndi ndani, ndipo lipoti lakuti "palibe" simungalilembe tsiku limenelo.

4. Fufuzani zotsala zimene sizili m'buku

Apa ndi pamene pamavuta, ndipo malangizo ambiri amangodumphapo. Buku limasunga zimene zidachitika pa msonkhano. Koma ndalama za gulu zimayendanso kunja kwa msonkhano, pakati pa anthu odziwana, achibale, opemphera mpingo umodzi, ndipo zimenezo sizilembedwa.

Choyamba ndi lonjezo. Membala amabwera kwanu usiku n'kunena kuti, "Alembi, mungolemba kuti ndamaliza, mawa m'mawa ndigulitsa nkhumba ndibweretsa." Munthuyo mumamudziwa, mwina sadakunamizenipo. Komabe ndalama yolonjezedwa si ndalama yobwezedwa. Mukalemba 0 usiku umenewo, ngongole ija yachoka pamutu pake n'kukhala pamutu panu, chifukwa buku likunena kuti mudalandira.

Chachiwiri ndi ndalama imene ili panjira. Wina amati adatumiza pa foni, ndipo amakuonetsani uthenga wa mbali yake. Wina amati adapatsira mwana, wina adapereka kwa apampando pamene adakumana pamaliro. Mwina onsewa akunena zoona. Koma ndalama imatengedwa kuti yafika pokhapokha yawerengedwa n'kulowa m'bokosi, kapena yaoneka mu akaunti ya gulu. Chithunzi cha uthenga wotumizira si umboni wokwanira, chifukwa munthu atha kuphonya nambala imodzi ndalama n'kupita kwina. Onaninso ngati yafika yonse. Amene amatumiza pa foni nthawi zambiri saganizira ndalama yotapira, ndiye gulu likamakatapa limapeza kuti yachepa. Ngati malamulo anu amati yotapira ndi ya wotumiza, imeneyo ndi ngongole yotsala ngakhale ndi yaing'ono.

Chachitatu ndi ngongole yodula ku masheya. Munthu walephera kubweza K60,000, gulu lagwirizana kuti lidzamudula pa tsiku logawana. Ichi n'chololedwa m'magulu ambiri, ndipo sichochititsa manyazi. Koma musalembe kuti adabweza. Ndalamayo sidalowe m'bokosi, ndipo owerenga ndalama sadzaipeza. Mulembe monga momwe zilili: ngongole ya K60,000 idzadulidwa ku gawo lake pogawana, monga gulu lidagwirizana pa tsiku lakutilakuti.

Chachinayi ndi ngongole yobwerekera wina. Mayi amatenga ngongole m'dzina lake n'kupatsa amuna ake, mlamu wake kapena mnzake amene sali m'gulu. Nthawi yobweza ikakwana amati, "Si ine ndidadya ndalamayo." Ku gulu, mwini ngongole ndi amene adasayina. Komanso zimachitika kuti membala adabwereka kwa mnzake wa m'gulu momwemo kuti atseke ngongole ya banki, pogwirizana kuti adzam'bwezera pa tsiku logawana. Imeneyo si ngongole ya gulu ndipo simuyenera kuilemba, koma ndi chifukwa chake lipoti lanu lizinena momveka kuti likukamba za ngongole za ku bokosi zokha. Mukalemba chisawawa kuti "palibe amene ali ndi ngongole", wobwereketsa uja adzaona ngati mwam'fafanizira ndalama yake.

Chachisanu, chimene anthu safuna kuchitchula, ndi ngongole ya akomiti eniake. Apampando, msungichuma ngakhale inu mlembi, nonse ndi mamembala ndipo mumakongola. Kufunsa munthu wamkulu pagulu kuti "kodi mwamaliza?" kumalemera pakamwa, makamaka ngati ndi apongozi anu kapena akazi a amfumu. Njira imene ndidaipeza ndi yakuti funso likhale la aliyense, ndipo muyambe ndi inu mwini. Itanani maina motsatira manambala a timabuku. Pa dzina lililonse werengani mokweza kuti, "Nambala 7, ngongole zitatu chaka chino, yomaliza idatha pa 22 Novembala, yotsala ziro. Mukuvomereza?" Mwini wake ayankhe ndi pakamwa pake. Kabuku kanu awerenge munthu wina, osati inu. Anthu akaona kuti mlembi wafunsidwa, apampando afunsidwa, palibe amene amaona ngati watosedwa.

Mukamaliza maina onse, funsani mafunso awiri kwa gulu lonse, ndipo mudikire ndithu, musathamange. Loyamba: "Alipo amene adapereka ndalama kwa munthu aliyense kunja kwa msonkhano uno?" Lachiwiri: "Alipo amene gulu lili ndi chake, kaya ndalama, chikole kapena chithandizo chimene tidalonjeza?" Anthu amakhala chete kaye, kenako wina amayankhula motsitsa mawu kuchokera kumbuyo. Chete woyambayo musam'tenge ngati yankho. Ine ndimawerenga mumtima mpaka khumi, n'kufunsanso kachiwiri.

Mwina mukuti zonsezi n'zochuluka chifukwa cha ngongole imodzi. Tiyeni tione pa gulu lathu lija. Ndalama zikakwana K3,900,000, mukagawa ndi masheya 1,500, sheya imodzi ikubwera K2,600. Mwalengeza, anthu awerengera kale feteleza ndi fizi ya ana. Tsiku logawana n'kupezeka kuti ngongole ya K100,000 ndi chiwongoladzanja chake cha K20,000 sizidalowe. Ndalama zenizeni ndi K3,780,000, ndipo sheya yatsika kufika K2,520. Mayi wa masheya 100 amayembekezera K260,000, walandira K252,000. K8,000 imeneyo sadzaifunsa kwa wangongole uja. Adzaifunsa kwa inu amene mudalemba kuti palibe chatsala.

5. Samalani mawu a Chichewa amene amamveka pawiri akalembedwa

Izi zidandichitikira ine ndemwe. Chaka china ndidalemba pa gulupu kuti "Onse abweza ngongole." Ndinkatanthauza kuti amaliza kale. Mayi wina amene adali kumudzi kodwazika matenda adawerenga kuti anthu abweza tsiku lomwelo, kutanthauza kuti sadabwezebe, ndipo adauza anzake awiri kuti kugawana kwasunthidwa. Atatu onsewo sadabwere, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene ankasunga kiyi. Bokosi silidatsegulidwe tsiku limenelo. Poyankhula, "abweza" wa zimene zachitika kale ndi "abweza" wa zimene zichitike posachedwa amasiyana kamvekedwe ka mawu, koma polemba zilembo zake n'zimodzimodzi. Chimodzimodzinso "amaliza", "alipira", "apereka". Choncho lembani kuti "adamaliza kale kubweza", ndipo muike tsiku.

Mawu akuti "palibe chotsala" nawonso ndi oopsa akakhala okha. Munthu amene akudera nkhawa ndalama zake atha kumva kuti m'bokosi mulibe kanthu. Nthawi zonse tchulani chinthucho: "palibe ngongole yotsala", "palibe chindapusa chotsala".

Pewani kukana kawiri m'chiganizo chimodzi. "Palibe amene sanabweze" ndi Chichewa chabwino, koma munthu wowerenga mothamanga pa foni yaing'ono amangogwira "palibe" ndi "sanabweze" n'kuyamba kuda nkhawa. Nenani mbali ya zimene zachitika, ndi nambala: "Mamembala onse 20 adamaliza kale ngongole zawo."

Ndiye pali mawu aulemu amene timawakonda: "zonse zili bwino", "palibe vuto", "zatheka", "tathana nazo". Amenewa ndi mawu a moni ndi otonthoza, ndipo tonse timadziwa kuti munthu amayankha "ndili bwino" ngakhale akudwala. Wowerenga akawaona mu lipoti la ndalama amaganiza kuti mlembi akuziziritsa nkhani. Musagwiritsenso ntchito mawu odzitchinjiriza monga "ndikuona ngati", "mmene ndikudziwira ine", "zikuoneka kuti". Ngati mwachita ndime 3 ndi 4, simukuona ngati, mukudziwa. Ngati simukudziwa, lembani chimene simudachione m'malo mofewetsa lipoti lonse.

6. Lembani yankho pamzere woyamba, umboni pansi pake

Chizolowezi chathu ndi kuyamba ndi moni wautali, kuthokoza Mulungu, kuthokoza akomiti, kenako nkhani. Pa msonkhano chitani zimenezo. Mu uthenga wolembedwa moni ukhale wa mawu ochepa, chifukwa pa foni munthu amaona mizere yoyamba yokha asanatsegule, ndipo ambiri amathera pomwepo. Nali lipoti la gulu lathu loyerekeza monga momwe ndingalilembere:

Moni nonse. PALIBE NGONGOLE YOTSALA ku bokosi la gulu lathu pofika Loweruka pa 6 Disembala, 4 koloko madzulo.

Taona timabuku tonse 20 n'kutiyerekeza ndi buku lalikulu.
Ngongole zimene zidatengedwa chaka chino: 46. Zimene zidabwezedwa zonse ndi chiwongoladzanja: 46. Zotsala: 0.
Zindapusa zotsala: 0.
Ngongole zodzadula ku masheya: 0.
Chikole chimene gulu likusunga: 0. Njinga imodzi imene tidagwira idabwezedwa kwa mwini wake pa 29 Novembala.
Thumba la zadzidzidzi: zopereka zotsala 0, mapempho odikira 0, m'thumba muli K50,000.
Ndalama zogawana malinga ndi buku: K3,900,000. Zimene tawerenga: K3,650,000 m'bokosi ndi K250,000 pa foni, zonse K3,900,000. Kusiyana: 0.
Adawerenga ndi owerenga ndalama onse awiri, pamaso pa mamembala 18. Nambala 4 ndi nambala 15 sadabwere, koma adatumiza timabuku tawo ndipo adavomereza pa foni apampando akumva.
Palibe chimene mukufunika kubweretsa kapena kulipira. Tigawana Loweruka pa 13 Disembala, 9 koloko m'mawa. Ngongole zatsekedwa.
Amene akuona kuti china chaiwalika andiuze ine kapena apampando pasanafike Lachitatu pa 10 Disembala madzulo.
Mlembi.

Taonani zinthu zingapo m'menemo. Mzere uliwonse wa pa mndandanda wa ndime 1 uli ndi 0 wakewake, ngakhale umene chaka chonse sudakhalepo ndi kanthu. Mukadumpha mzere wa chikole chifukwa choti palibe, wowerenga sadziwa ngati mwaudumpha chifukwa palibe kapena chifukwa mwauiwala. Nambala 46 yalembedwa kawiri dala: 0 amakhulupirika akaima pambali pa nambala yaikulu imene yatsika n'kufika pamenepo. Anthu awiri amene sadabwere atchulidwa, chifukwa amene adalipo adaona kuti kunalibe ndipo adzafunsa. Ndipo pali chiganizo chouza wowerenga kuti iye sakufunika kuchita kanthu. Funso limene lili mumtima mwa membala aliyense powerenga ndi lakuti "nanga ine?", ndipo mukapanda kuliyankha mudzalandira mafoni khumi usiku womwewo.

Ndagwiritsa ntchito manambala a timabuku m'malo mwa maina chifukwa uthenga wa pa WhatsApp umayenda, umafika kwa amuna a anthu ndi kwa achibale amene akufuna kukongola. Pa chifukwa chomwecho, magulu ena safuna kuti ndalama yonse ya m'bokosi ilembedwe pa foni kutatsala sabata kuti agawane, poopa akuba, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Ngati ndi choncho kwanu, manambala a ndalamawo akhale m'buku ndipo awerengedwe pa msonkhano. Pa foni mungolemba kuti ndalama zowerengedwa zafanana ndi za m'buku, kusiyana 0, ndipo tsiku ndi malo ogawanira muuzane pakamwa.

7. Chikatsala chimodzi, mzere woyamba usinthe

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri ndi ichi: "Palibe ngongole yotsala, kupatula ya nambala 9 imene abweretsa Lachiwiri." Mlembi amaona kuti wanena zoona zonse. Koma wowerenga wagwira "palibe" n'kutseka foni, ndipo amene wawerenga mpaka kumapeto waphunzira kuti "palibe" wanu amakhala ndi mchira. Chaka chamawa mukadzalemba "palibe" weniweni adzafunafuna mchirawo.

Ngati chatsala chimodzi, ngakhale chindapusa cha K500, yambani ndi chimenecho: "YATSALA NGONGOLE IMODZI pofika Loweruka pa 6 Disembala: nambala 9, K120,000, walonjeza pamaso pa gulu kubweretsa Lachiwiri pa 9 Disembala. Zina zonse 45 zidatha." Kenako nenani chimene chidzachitike ikapanda kubwera, kaya kudula ku masheya kapena kusuntha tsiku logawana. Ikabwera Lachiwiri, musangoyankha pansi pa uthenga wakale kuti "yafika". Lembani lipoti latsopano lathunthu, la tsiku latsopano, loyamba ndi "palibe ngongole yotsala", ndipo munene kuti likulowa m'malo mwa la pa 6 Disembala. Mukapanda kutero, mauthenga awiri otsutsana amayenda limodzi ndipo aliyense amasunga umene adauona.

Chimodzimodzinso ngati simudathe kuona china. Foni ya gulu idathima, kapena msungichuma adali kuchipatala ndipo bokosi silidabwere. "Sitidaone" ndi "palibe" ndi zinthu ziwiri zosiyana. Lembani kuti mbali ya pa foni sitidaione, tidzaiona Lolemba, ndipo lipoti lomaliza lidzabwera pambuyo pake.

8. Tumizani ngakhale palibe wafunsa, ndipo onetsetsani kuti lafika

Alembi ena amaganiza kuti ngati palibe chotsala ndiye palibe cholemba, amangokhala chete. Koma chete wa mlembi anthu amamumasulira okha, ndipo samamumasulira mokomera. Lipoti la ziro lizituluka pa tsiku limene anthu akuliyembekezera, monga momwe likadatulukira lipoti la ngongole. Ndipo ndi bwino kuzolowera kulemba chotere mwezi uliwonse pa zindapusa ndi thumba la zadzidzidzi, kuti pofika Disembala anthu akhale atazolowera maonekedwe ake.

Lipoti lenileni ndi la m'buku, la pa foni ndi kope chabe. Lilembeni pa tsamba lakelake, musayine inu, apampando ndi owerenga ndalama awiri, kenako mujambule mzere wodutsa malo onse otsala pa tsambalo kuti wina asadzawonjezerepo. Kumbukirani kuti si onse ali ndi foni ya WhatsApp, ndipo si onse amawerenga. Timizere tiwiri ta buluu pa uthenga timangonena kuti wina watsegula, mwina ndi mwana amene amasewera ndi foniyo. Pemphani kuti aliyense ayankhe ndi nambala ya kabuku kake ndi mawu akuti "ndavomereza", ndipo muzichonga pa mndandanda. Amene sadayankhe pofika Lachitatu lija, muwaimbire kapena muwapitire kunyumba. Pa tsiku logawana, osunga makiyi asanatsegule maloko, imirirani muwerenge lipoti lonse mokweza mzere ndi mzere, mufunse kachiwiri ngati chilipo chasintha kuchokera pa 6 Disembala, ndipo yankho lake mulilembe pansi pa tsiku limenelo musanayambe kuwerenga ndalama.